Mnzanu akakwezedwa pantchito kuno ku Harare, musafulumire kuimba nthungululu

Abale anga, tiuzane zoona pa nkhani yooneka yaing'ono iyi, ya kuyamikira mnzathu amene wakwezedwa udindo. Kumudzi palibe chovuta. Mwamva kuti mwana wa uje tsopano ndi kapitawo, mwamugwira chanza, amayi aimba nthungululu, zatha. Kuno kwa eni mawu okoma omwewo, mukawanena nthawi yolakwika kapena pamaso pa anthu olakwika, angathe kumulanda munthu udindo umene mukumusangalalirawo. Zinandichitikira, ndipo mpaka lero mtima sunakhale pansi.

Musanatsegule pakamwa, dziwani kaye kuti mnzanuyo ali ndi mapepala otani, chifukwa ife olankhula Chichewa mu Harare sitili pamodzimodzi. Alipo obadwira konkuno ku Mbare, Highfield, Mufakose kapena Mabvuku, ana ndi zidzukulu za makolo amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale, ambiri pa nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963. Malamulo oyendetsera dziko lino a 2013 anati munthu wobadwira muno, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye ankakhala muno pamene malamulowo ankatuluka, ndi nzika. Amene anakonza chitupa chake pa lamulo limeneli muyamikireni mokweza mmene mungafunire. Koma alipo ife obwera ndi pasipoti ya Malawi, ogwira ntchito pa pemiti. Aliponso amene anadutsa pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda ndi chidindo cha mlendo wodzacheza, nkupeza ganyu, ganyuyo nkusanduka ntchito. Wotereyu akapatsidwa makiyi a shopu kapena gulu la anthu loti aziyang'anira, mugwireni chanza muli awiri basi. Mukalengeza pagulu mwamugulitsa.

Nkhani yanga ili pa a pemiti. Chimene ambiri sadziwa, ngakhale ena okhala nayo m'thumba, nchakuti pemiti ya ntchito siikuloleza kugwira ntchito iliyonse mu Zimbabwe. Imatchula kampani, imatchulanso ntchito yake. Kampani popempha inafotokoza chifukwa chake ikufuna mlendo pa ntchito imeneyo m'malo mwa mwini dziko. Tsono munthu akachoka pa ntchito yolembedwayo nkukhala pampando wina, mapepala ndi zochitika zasiyana, ndipo kampani iyenera kubwerera ku ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka kukapempha kuti zisinthidwe. Zopititsa nzodziwika: kalata ya kampani, kontirakiti yatsopano, masatifiketi, pasipoti, ndalama yolipira ndi lisiti lake. Wopempha ndi kampani, osati inu, osatinso munthu wina wapambali.

Pakati pa tsiku limene bwana wanena ndi pakamwa kuti "udindo ndi wako" ndi tsiku limene mapepala atuluka, pamenepo ndiye pali minga. Ndi nthawi yomweyinso imene ife timakonda kuthamanga ndi mafuno abwino.

Ine ndinabwera kudzakonza makina osindikizira pa kampani ina ku Graniteside, ndipo pemiti yanga inkanena zomwezo, wokonza makina. Mkulu woyang'anira gawo lonse losindikiza atapuma pantchito, manijala anandiitana nati ndidzalowa m'malo mwake, kalata ikubwera, ndipo a ofesi yolemba anthu ntchito ayamba kusonkhanitsa mapepala. M'bale wathu wina wa pakampani pomwepo anazimva. Lamulungu lake anaimirira m'tchalitchi pa nthawi ya zolengeza nkunena dzina langa, dzina la kampani ndi udindo wonse. Madzulo anakabwerezanso kumsonkhano wa sosaiti yathu ya maliro. Sanachite mwa njiru, anali wokondwa ndithu, koma sanandifunse.

Sabata isanathe kunabwera bambo wina wovala bwino, Chichewa chake chosalala, atatsogozedwa ndi mmodzi wa akuluakulu a sosaiti. Anayamba nkundiyamikira, mpaka kunditchula ndi mfunda wanga. Kenaka anatsitsa mawu. Akuti pemiti yanga inafa tsiku lomwe ndinavomera udindo, akuti nkhani yamveka kale m'maofesi, akuti ndikadikira kampani adzanditengera pantchito pomwepo anthu akuona. Iye akuti ali ndi anthu ake m'katimo. Anafuna pasipoti yeniyeniyo ndi madola 400, ndipo anatsindika kuti kampani isadziwe, chifukwa ikadziwa idzaopa nkundichotsa. Munthu wakupeza ndi mkulu amene umamulemekeza, wakuuza kuti ana ako agona ndi njala, ndipo akudziwa udindo wako wonse mwatsatanetsatane. Anaudziwa bwanji? Anaumva m'mafuno abwino aja.

Anali dobadoba. Pasipoti inapita, foni yake inayamba kungoitana, tsiku lina akuti fayilo ili pa tebulo la bwana, tsiku lina akuti pakufunika kena kowonjezera. Nthawi yomweyo a kuofesi kwathu anali atamaliza kulemba kalata yawo ndipo ankafuna pasipoti kuti apititse pempho. Ndinalibe. Pamene zinkatero, mnzathu wina mwini dziko, amene nayenso ankayembekeza mpando womwewo, anamva kuti a Malawi achita kale chisangalalo. Anapita kukafunsa akuluakulu a kampani funso limodzi: munthu amene pemiti yake ikuti wokonza makina akuyang'anira bwanji gawo? Funsolo linali m'malo mwake, ndipo kampani nayo imalangidwa ikagwiritsa mlendo ntchito imene sanaloledwe. Anabweza mawu awo. Udindo anapatsa wina. Pasipoti inadzabwera kudzera mwa mkulu wa sosaiti uja, yopanda chilichonse chatsopano m'kati, ndalama osabwera. Mkuluyo anangoti naye samamudziwa bwino munthuyo. Chimandiwawa kwambiri ndi chimenechi, kuti munthu wamkulu angatenge mlendo wosamudziwa nkumulowetsa m'nyumba ya mnzake pa nkhani ya pasipoti.

Ndiye mundimve, achimwene ndi achemwali. Dobadoba samavuta kumuzindikira ngati mantha sanakugwireni. Amakumana nanu m'galimoto kapena pamalo odyera, osati pa kauntala. Amafuna pasipoti yeniyeni, fotokope amaikana. Lisiti la boma alibe. Ndipo chizindikiro chachikulu: amati abwana anu asamve. Pempho limene mwini wake ndi kampani lingayende bwanji kampaniyo isakudziwa? Mukamva mawu amenewo imirirani muzipita, ngakhale amene wamubweretsa ndi mkulu wa mpingo.

Nanga tiziyamikira liti? Dikirani mwini wake anene yekha, kapena kampani ilengeze. Mukamva m'makona, pitani kwa iye nokha mukamufunse: "Achimwene, ndamva nkhani yabwino. Yatsimikizika, kapena tidikire kaye?" Akati tidikire, tsekani pakamwa, ngakhale kwa akazi anu ngati mukudziwa kuti mawa ali kumsonkhano wa amayi. Funsaninso ngati wakhazikitsidwa kapena akungogwirizira. Wogwirizira amabwerera pampando wake wakale mwini malo akapezeka, ndipo manyazi ake amakula molingana ndi phokoso limene munamuchitira.

Zikatsimikizika, nenani mawu ochepa okhala ndi nyama. "Zabwino zonse bwana" aliyense anena, mwiniwake saakumbukanso. Tchulani chimene munamuona akuchita. Kwa mnzanga amene anakhala kapitawo wa mosungira katundu ndinati: "Achimwene, ndakondwa nanu. Chaka chatha katundu atasokonekera munakhala usiku wonse kuwerenga mpaka mabuku anagwirizana. Udindowu wapeza mwini wake. Mulungu akutsogolereni." Basi. Mukatero ngakhale eni dziko amene akumva amadziwa kuti munthuyu wakwera ndi thukuta lake.

Zoti musanene ndiye zambiri. Musanene kuti "mwayi wanu" kapena kuseka kuti anapita kwa sing'anga wa kwathu. Kuno anthu ena amatinena kale a Malawi kuti timayenda ndi mankhwala, ndipo nthabwala yotere ikalowa m'khutu la munthu amene walumphidwa imasanduka umboni. Musanene pamaso pa anzathu a Chishona kapena a Chindebele kuti "tawaonetsa ife a Malawi". Ntchito ndi zosowa m'dziko muno, wina pamenepo ali ndi satifiketi yofanana ndipo akudzifunsa chifukwa chake mpando wapita kwa mlendo. Kwa eni kulibe mkuwe. Ngati pagulupo pali osamva Chichewa, yamikirani m'chilankhulo chimene onse akumva, za kwathu mukanene pambali, kuopa kuti angaganize kuti mukuwajeda.

Musafunse malipiro, ndipo musawayerekeze nokha nkukauza anthu. Kukwera giredi sikutanthauza kuti ndalama yakwera kwambiri. Amene walowa m'gulu la mabwana amatuluka m'komiti ya antchito wamba, ndipo kawirikawiri ndalama ya maola owonjezera imathera pomwepo, moti mwezi wina amatenga zochepa kuposa kale. Enanso gawo la malipiro amalandira m'madola a ku America, gawo lina mu ZiG, ndalama imene inayamba mu Epulo 2024. Inu simukudziwa kagawidwe kake. Koma mukangoimbira foni kumudzi kuti "uje tsopano ndi bwana", mawa lake kwa iye kwadzaza mauthenga a feteleza, fizi ndi malata. Abale ake awauze yekha, pa nthawi yake.

Ndipo chonde, ndatopa nazo izi: kuyamikira ndi kupempha musaziike m'mpweya umodzi. "Tikukunyadirani achimwene, paja mphwanga ali ku Epworth alibe chochita." Munthu sanakhale nkomwe pampando, maso onse ali pa iye kuona ngati ayambe kulowetsa a kwawo, inu mukumutwika mlandu tsiku loyamba. Ngati mphwanuyo alibe mapepala, mukupempha mnzanu kuti aphwanye lamulo ndi dzina lake. Pakapita miyezi, malo akalengezedwa, mphwanuyo alembe kalata ngati wina aliyense.

Za phwando, ngati mwafuna kumulemekeza sonkhani nokha, mugule nkhuku, mudyere kunyumba. Osamuumiriza kuti "atsuke" udindo malipiro atsopano asanalowe, ndipo osaitana aliyense amene mwakumana naye pa Mbare Musika. Lolemba likafika, pantchito mutchuleni monga ena onse akumutchulira. Ngati munazolowera kumuitana "aise", siyani zimenezo pageti. Akakupatsani ntchito igwireni msanga kuposa ena, chifukwa inu wa kwawo mukayamba kuzengereza, enawo aona kuti nawonso angathe kumuderera.