Portrait, Night kapena Panorama: momwe mungasankhire pojambula ndi foni kunyanja ku Senga Bay

Mukatsegula kamera ya foni, kaya ndi Tecno, Itel, Infinix, Samsung kapena iPhone, m'munsi mwa sikirini mumakhala mzere wa mawu, ndipo ambiri a ife timakhala pa Photo mpaka foni kutha. Ena akatulukira Portrait sachokaponso, amajambulira chilichonse, ngakhale gulu lonse la kwaya. Zimandiwawa kuona chithunzi cha tsiku losabwereranso chitaonongeka chifukwa cha batani limodzi. Pa Portrait, Night ndi Panorama foni imachita kukonza chithunzicho yokha, mwina kuchiphatikiza kuchokera ku zithunzi zambiri, mwina kulingalira malire a munthu. Ndiye musanadine, dzifunseni zinthu ziwiri: ndi chiyani chikuyenda pamenepa, ndipo chomwe ndikufunacho chili patali bwanji?

Tiyerekeze kuti mwafika padoko la asodzi ku Senga Bay cha m'ma 4 koloko masana, ndipo muchoka mawa m'mawa. Choyamba pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa kouma. Zala zogwira usipa kapena chipisi zimasiya mafuta pagalasipo, ndipo usiku mafutawo amasandutsa nyali iliyonse mizere italiitali.

Portrait: munthu mmodzi, pafupi, kukuwala

Portrait imasiya munthu akuoneka bwino, za kumbuyo kwake n'kuzichititsa mbuu. Inatchuka ndi iPhone 7 Plus mu 2016, ndipo lero ili m'mafoni otsika mtengo omwe. Kamera yaikulu ya wojambula paukwati imachita izi ndi galasi lake. Foni imayamba yafufuza kuti munthu wathera pati, kenako imapaka mbuu pa zonse zomwe yaziona ngati zakumbuyo. Zolakwika zonse za Portrait zimachokera pa kufufuzako.

Mwapeza bambo wina atakhala pamchenga akusoka ukonde, mwawapempha ndipo avomera kuti muwajambule. Imani pa mtunda wa mita imodzi kapena ziwiri. iPhone imafuna kuti munthu asapitirire mamita awiri ndi theka, ndipo mafoni ambiri amalemba pasikirini kuti muyandikire kapena mubwerere m'mbuyo. Onetsetsani kuti zakumbuyo kwawo zili kutali, monga nyanja kapena chilumba cha Namalenje. Munthu wotsamira khoma kapena bwato, Portrait ilibe chomwe ingamuchitire. Dinani pankhope yawo pasikirini, dikirani mbuu uja aoneke kumbuyo, ndiye jambulani.

Nthawi imeneyi ya madzulo ndi yabwino kuno kwathu. Nyanja ili kum'mawa, choncho munthu akafulatira nyanja dzuwa lolowa limamuwalira kunkhope. M'mawa zimatembenuka: dzuwa limatulukira panyanja, nkhope imada, ndipo foni imavutika kupeza malire a mutu.

Mukajambula musaike foni m'thumba. Tsegulani chithunzicho, chikulitseni ndi zala ziwiri, muyang'ane malo atatu: tsitsi, zala, ndi chomwe munthuyo wagwira. Pa bambo athuwa vuto likhala paukonde. Maso a ukonde ndi ang'onoang'ono, foni siitha kusiyanitsa ulusi ndi mchenga wooneka kudzera m'masomo. Mupeza mbali ina ya ukonde yasungunuka, chosokera chili m'manja koma ulusi wake wasowa, pomwe kampata ka pakati pa mkono ndi nthiti kakuoneka bwinobwino chifukwa foni yakawerengera kuthupi. Zimachitikanso ndi meshi womasula, magalasi a m'maso ndi masipoko a njinga ya kabaza.

Pali njira ziwiri. Mafoni ambiri amalola kuchepetsa mbuu, ena ngakhale mutajambula kale. Ngati pali nambala yoyamba ndi f, nambala yaing'ono monga f/2 ndi mbuu wambiri, yaikulu monga f/8 ndi wochepa, ndipo pa mbuu wochepa zolakwika sizioneka kwambiri. Koma ine ndimaona kuti ngati nkhani ya chithunzicho ndi ntchito ya manja, bwererani pa Photo. Ukondewo ndiwo chithunzicho. Chimodzimodzi mayi amene akufuna kutumizira makasitomala ake ku Lilongwe chithunzi cha usipa pathandala: Portrait isunga nsomba zochepa zakutsogolo, zina zonse mbuu, wogula n'kulephera kuona katundu. Gulu loima mizere iwiri nalonso lijambuleni pa Photo, kuopa kuti a mzere wakumbuyo angasanduke mbali ya nyanja.

Night: chilichonse chiime, kuyambira manja anu

Dzuwa likalowa mdima suchedwa kuno. Chizindikiro choti Photo yatopa ndi chithunzi chodzaza timadonthomadontho m'malo akuda. Apa ndi pa Night. Pa Samsung kawirikawiri ili pansi pa MORE, pa Tecno ndi Infinix ena imalembedwa Super Night, pa Pixel ndi Night Sight, yomwe inayamba mu 2018. Pa iPhone 11 ndi zatsopano zambiri imadziyatsa yokha, kachizindikiro kamwezi kamasanduka kachikasu n'kuonetsa masekondi omwe ifune.

Mukadina, foni imajambula zithunzi zingapo motsatizana kwa masekondi awiri, atatu kapena asanu, n'kuziphatikiza kukhala chimodzi chowala. Chomwe chasuntha m'masekondi amenewo chimatuluka ngati utsi, kapena pawiri. N'chifukwa chake Night ndi yabwino pa mabwato okocheza pamchenga, pa mashopu a pa Kamuzu Road magetsi atayaka, pa anthu akuluakulu omwe mwawauza kuti asagwedezeke, koma ndi yoipa pa ana othamanga ndi pa magule.

Chitani chonchi. Gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zikhudze nthiti. Kuposa apo, itsamizeni pa chinthu chosagwedezeka, mwala, mpanda kapena bwato lomwe lili pamtunda. Bwato loyandama ayi. Ikani Timer ya masekondi awiri kapena atatu kuti kudina kwa chala kusagwedeze foni. Ikayamba kuwerenga, musatsitse dzanja mpaka itamaliza. Ambiri amaononga pomwepa, amamva kaphokoso koyamba n'kuganiza kuti zatha.

Tsopano nyali za asodzi a usipa zandanda panyanja, chinthu chomwe mlendo aliyense amafuna kupita nacho kwawo. Apa Night imatha kuchita mopitirira. Imayesa kuwalitsa mdima wonse, thambo limatuluka lotuwa, nyali n'kukhala zibulunga zoyera zopanda malire. Dinani pa nyali imodzi pasikirini, pafupi pake pabwera kachizindikiro kadzuwa kapena kamzere, kokerani kumbali yochepetsa kuwala mpaka thambo lidenso. Musakulitse ndi zala kuti nyalizo ziyandikire, chifukwa kukulitsa kumakulitsanso kugwedezeka. M'malo mwake ikani chinthu chapafupi kutsogolo, monga mphuno ya bwato, kuti woona adziwe kuti ndi panyanja. Mwera ukamaomba, makamaka miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, mabwato amavina pamafunde ndipo nyali zimatuluka ngati tizingwe topindika. Pamenepo vuto si foni, dikirani usiku wabata.

Fulashi ndi yosathandiza pa nyali zimenezi, kuwala kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu. Ntchito yake ndi pa munthu wapafupi amene sangaime chilili. Ndipo Portrait usiku m'mafoni ambiri otsika mtengo imakana kapena imadula makutu. Mukafuna nkhope usiku, muimikeni munthuyo moyang'ana babu kapena nyali, mujambule pa Night, mumuuze aime mpaka mutanena kuti basi.

Panorama: malo aakulu, akutali

M'mawa kwacha, mukufuna gombe lonse, kuyambira phiri la Senga mpaka kuchilumba. Panorama, kapena PANO pa iPhone, imajambula tizidutswa mukamatembenuza foni, n'kutilumikiza ngati momwe telala amalumikizira zigamba. Chigamba chilichonse chimajambulidwa pa nthawi yakeyake, ndiye chomwe chikuyenda chimaduka pamsoko: galu wa miyendo isanu ndi umodzi, mayi wosenza beseni wopanda mutu, mafunde osakumana.

Gwirani foni choimirira, osati chogona, kuti thambo ndi mchenga zilowe zokwanira. Musanadine, yesani kaye kutembenuka kuchokera poyambira mpaka pothera, muone ngati palibe mtengo kapena munthu pafupi. Chilichonse chomwe chili pa mtunda wosakwana mamita atatu kapena anayi kuchokera pomwe mwaima chimapindika. Mukadina, yendetsani pang'onopang'ono, muvi wa pasikirini usachoke pamzere wake. Foni izungulire pamalo amodzi pafupi ndi chifuwa chanu, musatambasule mikono n'kuikokera m'mbali. Ndipo simukakamizidwa kufika kumapeto. Dinaninso batani mukangodutsa chomwe mumafuna, chifukwa chithunzi chotalika kwambiri chimakhala kalamba kopyapyala komwe pafoni sikaoneka kanthu.

Nyanja siibisa cholakwa. Yang'anani mzere womwe madzi akumana ndi thambo: ngati uli ndi masitepe kapena wakwera n'kutsika, dzanja linasuntha, bwerezani. Dzuwa la m'mawa nalo limavuta, popeza mafoni ambiri amayeza kuwala poyambira. Mukayambira kumthunzi wa mitengo, pofika panyanja zonse zayera mbee. Yambirani kowala, kapena jambulani dzuwa lisanatuluke, nthawi yomwenso nyanja imakonda kukhala bata. Ngati asodzi ayamba kale kukocheza ndipo doko ladzaza anthu, isiyeni Panorama. Foni yanu ikakhala ndi 0.5x kapena 0.6x pa Photo, dinani pamenepo, zambiri zilowa pa kudina kumodzi ndipo palibe aduke.

Panorama imathandizanso pa zinthu zazitali, monga milambe ya kuno ku Salima yomwe siikwana m'chithunzi mukaima pafupi. Gonekani foni chopingasa kuti muvi uloze m'mwamba, yambirani patsinde, mukweze pang'onopang'ono mpaka kunthambi.

Potumiza chithunzi cha Panorama pa WhatsApp, dziwani kuti imachichepetsa kwambiri chifukwa cha kutalika kwake, wolandira akachikulitsa sapeza kanthu. Sankhani HD, kapena chitumizeni ngati Document kuti chipite momwe chilili. Chimadya bandulo yambiri kuposa chithunzi wamba, choncho sankhani chimodzi chomwe mzere wa nyanja wawongoka, mutumize chomwecho.