Musanagule golide, yambani mwawerengera chiwongoladzanja chenicheni

Alipo ambiri amene akamva kuti mitengo ya zinthu yakwera amathamangira kunena kuti golide nayenso akwera. Nthawi zina zimaterodi, koma chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi chiwongoladzanja chenicheni, makamaka cha ku America, popeza golide pa msika wa dziko lonse lapansi amagulitsidwa m'madola.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tengani chiwongoladzanja chimene banki kapena boma likukulonjezani pa chaka, muchotsepo mlingo umene mitengo ya zinthu ikukwera pa chaka chomwecho. Chotsalacho ndiye phindu lanu lenileni.

Tiyerekeze kuti muli ndi madola 1,000 ndipo mwakongoza boma pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti, pamene mitengo ikukwera ndi 2 peresenti. Chaka chikatha mulandira madola 1,050, koma katundu amene ankagulidwa madola 1,000 tsopano ali pa 1,020. Mwapindula pafupifupi madola 30. Mnzanu amene anagula golide ndi ndalama zomwezo sanalandire kalikonse, chifukwa golide saswana ngati mbuzi: magalamu amene mwatsekera m'bokosi ndi omwewo mudzawapeze, mwinanso mwalipira posungira. Pamenepa kusunga golide n'kudzimana phindu, choncho ogula amachepa ndipo mtengo umafooka.

Tsopano chiwongoladzanja chitsike kufika pa 1 peresenti, mitengo izikwera ndi 3 peresenti. Mulandira madola 1,010 pamene katundu uja wafika pa 1,030. Pa pepala ndalama zachuluka, koma m'thumba mwaluza madola 20. Apa munthu wosunga golide palibe phindu limene akudzimana. Makampani akuluakulu osunga ndalama za anthu amaona zomwezi, amasamutsira gawo la chuma chawo ku golide, ndipo popeza wokumbidwa m'migodi sachuluka msanga, mtengo umakwera. Kawirikawiri dola nayo imafooka chiwongoladzanja cha ku America chikatsika, zimene zimachititsa kuti golide atchipire ogula a m'mayiko ena.

Zimenezi zinaoneka poyera mu 2020. Mliri wa korona utavuta, banki yayikulu ya America, Federal Reserve, inatsitsa chiwongoladzanja kufika pafupi ndi ziro. Pofika mu Ogasiti, chiwongoladzanja chenicheni pa ngongole ya boma ya zaka 10 chinali pafupifupi 1 peresenti kunsi kwa ziro, ndipo mwezi womwewo golide anadutsa madola 2,000 pa aunsi kwa nthawi yoyamba. Aunsi imodzi ya golide ndi magalamu 31.1. Mu 2013 zinatembenuka: bankiyo itanena kuti iyamba kuchepetsa ndalama zimene inkathira pa msika, chiwongoladzanja chenicheni chinachoka kunsi kwa ziro n'kukwera, ndipo golide anagwa ndi pafupifupi 28 peresenti m'chaka chimodzi. Amene anagula mu 2011 pa madola pafupifupi 1,900 anadikira mpaka 2020 kuti aonenso mtengo umenewo. Ndikutsindika zimenezi chifukwa zimandiwawa kuona munthu akuika ndalama za fizi ya ana mu golide poganiza kuti satsika.

Nanga mungachione kuti chiwongoladzanja chimenechi? Boma la America lili ndi zikalata za ngongole zotchedwa TIPS, zimene ndalama yake imakwezedwa molingana ndi kukwera kwa mitengo, motero phindu lolembedwa pa zikalatazi ndi lenileni kale. Pa tsamba la pa intaneti la FRED, limene limasunga ziwerengero za chuma cha America, lembani DFII10, muona mzere wa phindu la zikalata za zaka 10. Musavutike ndi nambala ya tsiku limodzi; onani kumene mzerewo walowera pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Dziwaninso kuti msika umayendera zimene anthu akuyembekezera, ndiye banki yayikulu ikamalengeza kuti yatsitsa chiwongoladzanja, nthawi zambiri golide amakhala atakwera kale.

Koma lamuloli silikhala loona chaka chilichonse. Mu 2022 chiwongoladzanja chenicheni chinakwera kuchoka pa 1 peresenti kunsi kwa ziro kufika cha m'ma 1.5 pamwamba pake. Tikanayembekezera kugwa kwakukulu, koma golide anamaliza chakacho pafupi ndi pamene anayambira, mwa zina chifukwa mabanki aakulu a mayiko anagula matani oposa 1,000. Mukaona chiwongoladzanja chikukwera koma golide osatsika, funsani kuti akugula ndani ndipo akuopa chiyani.

Kwa inu amene mumawerengera m'makwacha, palinso china. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chinthu chilichonse cha mtengo wa m'madola chinakwera m'makwacha. Mtengo wa galamu ukasintha, yambani mwaona mtengo wa aunsi m'madola, kenako mtengo wa dola m'makwacha, kuti mudziwe ngati wakwera ndi golide kapena yagwa ndi kwacha.