Kukoka chithunzi pakona sikuchepetsa fayilo

Nyengo ino ya malipoti a zokolola, vuto limene likubwerezabwereza ndi limodzi. Munthu wakonza masilaidi ake a PowerPoint bwinobwino, waikamo zithunzi za minda yachitsanzo, koma potumiza imelo ikukana. Akabwerera pa kompyuta amagwira chithunzi pakona n'kuchikoka kuti chioneke chaching'ono, ena amadula m'mbali ndi Crop, kenako amayesanso. Imelo ikukanabe.

Kukoka pakona kumangosintha mmene chithunzi chikuonekera pa silaidi. Chithunzi chenicheni chimene chasungidwa m'kati mwa fayilo chimakhala chomwecho. Ngakhale mbali imene mwadula ija sinachoke, yangobisika, n'chifukwa chake mukadinanso Crop imaonekeranso yonse. Zili ngati kupinda pakamwa pa thumba la chimanga n'kumayembekeza kuti sikelo iwerenga makilogalamu ochepa.

Tiyeni tiwerengetsere. Foni ya kamera ya mamegapikiselo 12 imatulutsa chithunzi cha timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo chimodzi chimalemera pakati pa 3 MB ndi 5 MB. Mukaika zithunzi 30 za 4 MB, fayilo ikhoza kufika 120 MB. Gmail imalola 25 MB yokha, ndiponso fayilo ikamalowa mu imelo imafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, choncho ya 22 MB ikhoza kukanidwa ndi imelo ya wolandira. Malire abwino ndi osapitirira 18 MB. Chopweteka n'chakuti timadontho tonseto palibe amene adzationa. Mapulojekita ambiri amaonetsa timadontho 1920 m'litali kapena kuchepera apo, ndiye mukusenza katundu amene khoma silingaonetse n'komwe.

Ena akaona kuti imelo yavuta amathamangira pa WhatsApp poti imalandira mafayilo akuluakulu. Imalandiradi, koma amene amalipira ndi wolandira. Mlimi wina wotsogolera kalabu ankadandaula pa msonkhano kuti anagula bandulo yoti imukwanire sabata yonse yolankhulana ndi ogula nyemba. Mlembi wa kalabu atatumiza masilaidi pagulu lawo, foni inayamba kutsitsa yokha. "Ndinakwera pachulu kufuna netiweki," anatero mlimiyo, "koma bandulo inatha fayilo ili pakati, ndipo sindinaone ngakhale tsamba limodzi." Pagulu la anthu 20, fayilo ya 120 MB imadya 2,400 MB ya ndalama za anthu ena.

Palinso chizolowezi chakale chimene chikukana kufa, chopanga zipu. Anthuni, fayilo ya `.pptx` ndi zipu kale, ndipo zithunzi za m'foni n'zopanikizidwa kale. Kuipanganso zipu kumachotsa pang'ono kwambiri, kungotaya nthawi. Kufufuta mawu sikuthandizanso, chifukwa mawu a masilaidi onse pamodzi salemera ngati chithunzi chimodzi.

Ndiye chochita ndi ichi. Yambani mwasunga kope ina ndi Save As, chifukwa zimene zichotsedwe sizibwereranso mukasunga n'kutseka. Pa kope yatsopanoyo dinani chithunzi chilichonse, pitani pa Picture Format, musankhe Compress Pictures. M'kabokosi kamene katuluke chotsani chizindikiro pa Apply only to this picture. Ambiri amalakwa pomwepa, amapanikiza chithunzi chimodzi chokha n'kumati njirayi siigwira. Ikani chizindikiro pa Delete cropped areas of pictures, ndipo musankhe 150 ppi. Pa silaidi yotambalala, chithunzi chodzaza silaidi yonse chimatsala ndi timadontho pafupifupi 2000 m'litali, tokwanira pulojekita, ndipo kawirikawiri chimatsika kufika pansi pa theka la MB. Zithunzi 30 zija zimatha kutsika kufika pa 15 MB kapena kuchepera. Ya 96 ppi imachepetsa kwambiri ndipo njabwino kwa owerenga pa foni, koma ngati munajambula tebulo la manambala kapena zolemba za pa paketi ya mankhwala, zionetsetseni chifukwa zilembo zazing'ono zimafufutika.

Mukasunga, onani kukula kwa fayilo. Ngati ikadali yolemera, mwina muli vidiyo. Pa kompyuta ya Windows pitani pa File, kenako Info, musankhe Compress Media, mutenge 480p. Ngati Compress Pictures sinasinthe kanthu, tengani kope ina musinthe `.pptx` kukhala `.zip`, mutsegule `ppt/media`, ndipo muona chimene chikulemera. Wongofuna kuwerenga mutumizireni PDF, posankha Minimum size posunga, ngakhale vidiyo sidzaseweramo.