Wogula akati "kwina n'kotchipa", mumuyankhe bwanji?

Wogula wanyamula chitini cha penti, wafunsa mtengo, mwamuuza. Akuchitembenuza m'manja n'kunena kuti, "Komatu kwa anzanu uko n'kotchipa. Tanditsitsirani." Ogulitsa ena amapsa mtima n'kuyankha kuti, "Ndiye pitani komweko." Ena amatsitsa pompopompo poopa kuti munthuyo awathawa. Onse awiri ataya ndalama.

Munthu amene akunenerera mtengo ndiye kuti katunduyo akumufuna, apo ayi akanangotuluka. Choncho musamutsutse, yambani ndi funso: "Zikomo pondiuza, bambo. Chimene munachiona kumenekocho ndi cha malita angati? Ndi mtundu womwewu?" Funsani mofatsa, ngati munthu wofunadi kudziwa, osati ngati mukufuna kumugwira bodza.

Tinene kuti chitini chanu ndi cha malita 5 ndipo mumagulitsa pa 100. Cha kwinako chili pa 90, koma popitiriza kucheza mwapeza kuti ndi cha malita 4. Werengerani limodzi, ngakhale pakapepala: lita imodzi kwa inu ndi 20, kumeneko ndi 22.5. Wogulayo aona yekha kotchipa, inu osanyoza munthu aliyense. Ndikutsindika mfundo imeneyi chifukwa mawu akuti "awo amagulitsa zachinyengo", popanda umboni, amaipitsa mbiri ya wonenayo. Amachititsanso manyazi wogula amene mwina wakhala akugula komweko.

Nanga katunduyo akakhala yemweyo ndipo kwinako n'kotchipadi? Vomerezani. Koma musanatsitse, dziwani pamene mungalekezere. Ngati chitinicho chinakudyerani 80, kuphatikizapo mayendedwe, phindu lanu ndi 20. Mukachotsa 10, wogula amaona ngati n'zochepa, pamene inu mwataya theka la phindu. Mufunika kugulitsa zitini ziwiri kuti mupeze zomwe chimodzi chikanakupatsani. Malire amenewa muziwadziwiratu m'mawa, osati kuwaganizira wogula ali patsogolo panu.

Mukafuna kutsitsa, pakhale chifukwa chomveka. Mungati, "Chimodzi sindingathe, koma mukatenga zitatu ndikupatsani pa 95 chilichonse." Apa mwapeza 45, ndipo wogula wamva kuti mwamuganizira. Kutsitsa popanda chifukwa kumamuuza kuti mtengo woyamba uja unali wongoyesa. Mudzazindikira kuti zafika poipa makasitomala anu akale akamafika n'kuyamba ndi mawu akuti "mtengo weniweni ndi uti?"

Nthawi zina simugwirizana ndithu. Musasinthe nkhope, ndipo chitinicho musachilande m'manja mwake. Muuzeni kuti, "Pepani bambo, pamenepo ine ndiluza. Kaoneni kumeneko, mukapeza kuti chatha kapena sichili momwe mumafunira, mudzandipeza pompano."