Kusamutsira malipiro ku akaunti yatsopano

"Ndatsegula akaunti ku banki ina. Ndiwauze bwanji abwana kuti malipiro azilowa kumeneko?"

Lembani kalata kwa oyang'anira malipiro, osangonena pakamwa. Tchulani dzina la banki, nthambi, nambala ya akaunti, dzina lanu monga lilili ku bankiko, ndi mwezi woyambira, mwachitsanzo "kuyambira malipiro a Okotobala". Phatikizani chikalata cha banki chotsimikizira nambalayo, chifukwa mukaphonya nambala imodzi ndalama zimabwerera kapena zimalowa kwa munthu wina.

Kaperekeni mwezi ukangoyamba, asanatseke ndandanda ya malipiro, ndipo akusainireni kope lanu. Ngati muli ndi ngongole ku banki yakale, abwana angafune kalata yochokera kumeneko yokumasulani. Akaunti yakaleyo musaitseke mpaka malipiro oyamba atalowa mu yatsopano.