Katundu wopanda lisiti akudya phindu la eni mahadiweya

Chitsegulireni msika wa fodya chaka chino, malata akuyenda kwambiri m'misika ya kwathu kuno ku Kasungu. Mlimi akangolandira ndalama za ku Chinkhoma, choyamba amaganiza za denga. Ndimayembekeza kuti eni mahadiweya akhala akusekerera, koma atatu mwa amene ndimawayendera andidandaulira chinthu chimodzi, kuti msonkho wa VAT wawathera phindu lonse. Nditakhala nawo pansi n'kutsegula mabuku, ndapeza kuti msonkhowo ulibe mlandu. Onse atatu anapikula katundu wopanda lisiti poganiza kuti atchipitsa.

Nditenge nkhani ya m'modzi mwa iwo, bambo amene ali ndi hadiweya pafupi ndi depoti ya minibasi ndipo analembetsa VAT ku MRA. Mitengo ndaizunguliza kuti tisavutike powerenga. Ndigwiritsa ntchito 16.5 peresenti, mlingo umene unagwira ntchito kwa zaka zambiri. Mlingo umasinthidwa ndi bajeti ya boma, choncho inu muike umene ukutuluka pa lisiti lanu lero, koma kawerengedwe kake n'komweko.

Bamboyu anapita ku Lilongwe kukapikula malata 200. Pa holoselo pamene amagula nthawi zonse lata limodzi linali K24,000, kuwonjezera VAT ya K3,960, zonse pamodzi K27,960. Ali m'njira anakumana ndi wina amene anamuuza kuti malata omwewo, geji yomweyo, amupatsa pa K26,000 bola asafunse lisiti la makina. Iye anawerengetsa msanga kuti pa lata lililonse apulumutsa K1,960, pa onse 200 ndiye K392,000. Anakweza katundu pa lole akuona ngati watola chikwama. Kusitolo kwake anagulitsa lata limodzi K34,950, ndiye kuti K30,000 mtengo wake, K4,950 msonkho, ndipo malisiti amadula bwinobwino pa makina ake monga lamulo likufunira. Mwezi utatha, makina anasonyeza kuti watolera VAT yokwana K990,000. Pamenepo ndi pamene anandiimbira foni, mawu akunjenjemera.

"Alangizi, ndalama yonseyi ndikapereke? Nanga ine nditsala ndi chiyani?"

Ndinamuyankha kuti inde, apereka yonse, chifukwa alibe pepala lililonse loti achotsere nalo.

Apa ndi pamene anthu ambiri sanamvetsebe, ngakhale lamulo la VAT lakhala nafe kuyambira 2005. Msonkho uwu boma silitolera kamodzi. Limatolera pang'onopang'ono paliponse pamene katundu wasintha manja, ndipo aliyense wolembetsa amapereka kachigawo kogwirizana ndi mtengo umene iyeyo wawonjezera basi. Tilitsate lata lija kuchokera kumene linapangidwa. Fakitale inaligulitsa kwa a holoselo pa K20,000 n'kuikapo VAT ya K3,300. Ndalama imeneyo inafika ku boma m'zigawo ziwiri, ina pa nthawi imene chitsulo chinkalowa m'dziko, yotsalayo fakitale itagulitsa lata. A holoselo anagulitsa pa K24,000 n'kutolera K3,960, koma sapereka yonseyo ayi. Amachotsa K3,300 imene analipira kale kufakitale, ku MRA n'kukasiya K660. Inu a hadiweya mwatolera K4,950 kwa mlimi, mumachotsa K3,960 imene munasiya kuholoselo, n'kupereka K990. Tsopano phatikizani K3,300, K660 ndi K990. Mupeza K4,950, ndalama yomwe ija mlimi analipira pa kauntala yanu.

Ndiye kuti msonkho wonse wachokera m'thumba la mlimi. Fakitale, holoselo ndi inu mwangokhala ngati anthu opatsirana njerwa pamzere, aliyense kulandira n'kupereka kutsogolo. K990 yanuyo ndi 16.5 peresenti ya K6,000 imene munawonjezera pa lata, palibenso china. Koma mzerewu umagwirana ndi lisiti. Lisiti la makina lokhala ndi dzina lanu ndi TPIN yanu ndilo limauza MRA kuti K3,960 ija munalipira kale. Likasowa, kwa iwo simunalipire kanthu, ndipo msonkho wa mzere wonse umagwera pamutu panu.

Tibwerere kwa bambo uja. Akanagula kuholoselo ndi lisiti, akanachotsa K792,000 pa K990,000 ija n'kupereka K198,000 yokha. M'malo mwake wapereka K990,000 yathunthu. Anapulumutsa K392,000 n'kutaya K792,000, kusiyana kwake K400,000, ndalama yoti akanapikulira malata ena oposa khumi. Pa lata lililonse phindu lake latsika kuchoka pa K6,000 kufika pa K4,000, asanachotse za lole, lendi ndi malipiro a mnyamata wa pakauntala.

Chimene chimandipweteka n'chakuti cholakwacho chinachitika pa kuyerekeza mitengo, asanatulutse ngakhale tambala. Iye anayerekeza K26,000 ndi K27,960. Munthu wolembetsa VAT sayerekeza choncho. Kwa iye lata la kuholoselo mtengo wake weniweni ndi K24,000, popeza K3,960 inayo ibwerera kudzera m'kuchotsera. Ndiye anasiya lata la K24,000 n'kukagula la K26,000. Ndipo K2,000 yapamwambayo mukudziwa kumene yapita? Kwa uja anati musafunse lisiti. Iye akanadula lisiti pa K27,960 ngati a holoselo akanatsala ndi K24,000, koma pobisa malondawo watsala ndi K26,000 yonse. Sanakuchitireni chifundo chilichonse.

Ndatopa nako kumva mawu akuti "timachita choncho kuyambira kale". Kale lake munali musanalembetse VAT. Nthawi imeneyo msonkho umene mumalipira popikula unali mbali ya mtengo wa katundu, panalibe kokachotsera, ndiye mtengo wotsika unalidi wotsika. Tsiku limene munalandira satifiketi ya VAT masamu anatembenuka, koma mutu wa ambiri unatsalira ku okala ija munayambira. Mpaka lero ndimapeza malisiti atabayidwa pa msomali pafupi ndi zenera, dzuwa likuwawomba. Pepala la makina lija silichedwa kufufutika, pakatha miyezi ingapo limangotsala loyera. Ena amakulungira misomali ya makasitomala. Ena amatuma mnyamata kukapikula, iye n'kubwera ndi lisiti lopanda dzina la bizinesi, ndipo palibe amene amaliyang'ana mpaka tsiku lolemba lipoti.

Tili mkati mowerenga m'sitolo muja munalowa mlimi wina wachikulire, atavala jekete ngakhale kunkatentha, ndalama atazimanga m'kathumba ka shuga. Anamvetsera pang'ono kenaka n'kulowerera.

"Pepani alangizi, ine chaka chatha ndinagula malata 30 kwina, anandiuza kuti popanda lisiti andichotsera. Ndinavomera. Mvula yoyamba, mphepo itawomba, malata anayamba kupindika ngati chitini cha mafuta. Amisiri anati geji yake si imene ndinalipirira. Nditabwerera kuja anandifunsa kuti lisiti lili kuti, ati sakundidziwa."

Anafunsanso ngati iyeyo angakatenge ku MRA msonkho umene amalipira pa malata, poti wamva tikunena zochotsera. Ndinamuuza kuti ayi bambo, inu ndinu womalizira, lata likukathera padenga panu, ndiye msonkho umaima pa inu. Wochotsera ndi yekhayo amene analembetsa ndipo wagula katunduyo kuti achitire malonda okhala ndi VAT. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti ngati ndi choncho lisiti lake alifuna ndithu, kuti adziwe kuti ndalama yakeyo yapitadi kumene akuti ikupita. Anagula malata 12, lisiti analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la mkati mwa jekete.

Atatuluka, mwini sitolo ananena chimene ndimadziwa kuti anena, kuti mwina malata otsatira angogulitsa osadula pa makina kuti abweze zimene wataya. Ndinamukaniza. Kugula mobisa kumakankhira munthu ku kugulitsa mobisa, ndipo kumeneko si nkhani yotaya phindu chabe, ndi mlandu. A MRA akabwera amaona katundu ali m'mashelefu, mabuku ogulira ndi zimene makina analemba. Malata 200 amene anatuluka koma osaoneka polowera amafuna kufotokoza, ndipo amene analowa koma osaoneka potulukira amafunanso kufotokoza, pamwamba pake chindapusa ndi chiwongoladzanja.

Panalinso bala lachiwiri. K990,000 ija inali itapita kale. Anaiona mu kabati ngati yake n'kupikulira simenti. Pa K34,950 iliyonse imene mlimi wakupatsani, K4,950 si yanu ngakhale tsiku limodzi, mwangosungitsidwa. Bamboyu anachita kukongola kwa mlamu wake kuti akwanitse tsiku lisanapyole.

Zoti muchite si zambiri. Musanapikule funsani ngati wogulitsayo analembetsa VAT, ndipo poyerekeza mitengo chotsani kaye msonkho pa mtengo wa amene akupatsani lisiti. Lisiti muliyang'ane muli pomwepo, lisonyeze dzina la bizinesi yanu, TPIN yanu ndi VAT payokha. Lijambulitseni kapena litoleni chithunzi pa foni tsiku lomwelo, lenilenilo muike mu fayilo kopanda dzuwa. Ngati mtengo waphatikiza kale msonkho, musamenye 16.5 peresenti pa mtengo wonsewo, mudzadziwerengera wochuluka. Chitani chonchi: 34,950 × 16.5 ÷ 116.5 = 4,950. Madzulo aliwonse patulani VAT ya tsikulo, musaisakanize ndi mpamba. Lipoti la mwezi ndi ndalama zake zifike ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira, ndipo mutha kutumiza pa Msonkho Online osakwera minibasi. Mwezi umene mwapikula zambiri kuposa zimene mwagulitsa, lipoti tumizanibe, chifukwa msonkho wotsalawo umasungidwa kuti mudzachotsere mwezi wotsatira. Amene mumagulitsanso chimanga chosagaya pambali pa malata, dziwani kuti chimenecho chilibe VAT, ndipo msonkho wa zinthu zimene mwagulira malonda a chimangawo, monga matumba, sumachotseredwa ku msonkho wa malata, ndiye malisiti ake muwasunge padera.