Momwe mungalembere kalata mchemwali wanu amene amangokongola ndalama osabweza

Musanagwire cholembera, tsegulani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba m'foni mwanu. Lembani papepala tsiku limene munatumiza ndalama iliyonse, kuchuluka kwake ndi chimene anapemphera. Kalata yongoti "mwandidyera zambiri" imayankhidwa ndi funso loti "zingati?", ndipo mukachita chibwibwi pamenepo nkhani yathera pomwepo.

Kenako siyanitsani ngongole ndi thandizo, chifukwa apa mpamene abale amayambanirana. Tiyerekeze kuti munatumiza K40,000 ya fizi mu Januwale, K25,000 mu Epulo mwana atagonekedwa m'chipatala, ndi K85,000 ya feteleza mu Novembala. Zonse pamodzi ndi K150,000. Koma ya kuchipatala ija, kodi anati "ndibwerekeni", kapena anangolira pafoni inu n'kutumiza? Ngati za kubweza sizinatchulidwe, ichotseni, ndipo munene m'kalatamo kuti mwaichotsa. Yatsala K125,000, imene sangaikane.

Tsopano lembani. Moni akhale wachidule, ndipo ngati ndi aakulu kwa inu ulemu usachoke ngakhale mtima ukuwawa:

"Achemwali, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndalemba za ndalama zimene munabwereka: K40,000 ya fizi ndi K85,000 ya feteleza. Ya kuchipatala ija musaiwerengere, linali thandizo langa kwa mwana. Ndikupempha kuti muzinditumizira K25,000 pakutha pa mwezi uliwonse, kuyambira Juni mpaka Okutobala. Ngati yachuluka, ndiuzeni imene mungakwanitse pasanathe masabata awiri. Mpaka ngongoleyi itatha, sindithanso kukubwerekani ina."

Chiganizo chomalizacho ambiri amachichotsa chifukwa cha manyazi, komatu ndicho chimaletsa kuti Novembala akubwerayu foni iitanenso. Chisiyeni momwemo. Zoyenera kuchotsa ndi zina: chitenje chatsopano chimene munawaona atavala ku ukwati, mowa wa alamu, zimene munawachitira pamaliro a mayi. Mukangozilowetsa, yankho lidzakhala la chitenjecho, ndalama osatchulidwa n'komwe. Apolisi musawatchulenso, poti ngongole imene munapatsana mogwirizana si mlandu wa kupolisi.

Nthawi yotumizira muisankhe bwino. Ngati achemwali anu amadalira ulimi, kalata ya mu Febuluwale, nkhokwe ili mbee, ingokubweretserani madandaulo. Dikirani Meyi kapena Juni atakolola. Ngati ali pantchito, itumizeni kutatsala masiku ochepa kuti alandire malipiro. Ipite kwa iwo okha, pamanja kapena pa WhatsApp yawo, osati pagulu la banja, ndipo inu musunge chithunzi chake.

Masabata awiri akadutsa ali zii, akumbutseni kamodzi pafoni. Zikakanika, pitani ndi kalatayo ndi pepala la masiku lija kwa amalume kapena wamkulu wina amene nonse mumamumvera, koma achemwaliwo muwadziwitse kaye kuti mukupita kumeneko.